Pesiti kapena sopo wamadzi? Katsukidwe ka mapoto amafuta, ndi nkhani ya siponji ija timaiyiwala

Ine ndimaphika pa kalesitilanti kakang'ono kufupi ndi msika, masana okha timatulutsa mbale zoposa 80 likakhala tsiku labwino, nde nkhani yotsuka kwa ine si yongomva ayi. Mapoto akuluakulu alipo asanu, wa nsima, wa mpunga, wa nyemba, wa nkhuku ndi wina wa nyama ya mbuzi amene ndi mutu weniweni, kuphatikiza chiwaya cha tchipisi. Kwa nthawi yaitali ine ndi achemwali amene amandithandiza tinkakangana, iwo amati pesiti basi, uja sopo waphala wa m'kabakuli, ine ndimati wamadzi ndi amene amachotsa mafuta. Kenako tinadzaona kuti tonse timanena zoona koma theka theka. Sopo wamadzi malo ake ndi m'beseni, pesiti malo ake ndi pa siponji, ndipo mukawasinthanitsa malo mumangotha ndalama poto nkumatererabe.

Ndifotokoze kaye kusiyana kwake pang'ono kuti masitepe akubwerawa amveke. Mu sopo yense wotsukira mbale muli mankhwala amene mbali imodzi imagwira mafuta mbali ina imagwira madzi, ndiye amanyamula mafutawo nkupita nawo mukamatsukuluza. Wamadzi uja kwenikweni ndi mankhwala amenewa osungunulidwa kale, nchifukwa chake amamwazika msanga m'beseni lonse. Pesiti ali ndi mankhwala omwewo koma anawonjezeramo ufa wokwecha, nthawi zambiri ndi ufa wa mwala wonga choko, komanso soda. Tengani pang'ono mupekese pakati pa zala mumva timchenga tosalala. Timchenga timeneto ndi timene timapala zomwe zakakamira, soda uja nkumafewetsa mafuta opserera. Nde mukatenga pesiti nkumusungunula m'beseni la madzi, ufa uja umangokhazikika pansi, mwataya theka la zomwe munagula. Mukathiranso wamadzi pa siponji mwachindunji kuti mukweche poto wopserera, amangochita thovu lambiri lokongola koma chokwecha palibe, botolo nkutha masiku atatu.

Choyamba, sopo asanafike, mafuta achoke

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Poto wa mbuzi akatha kugawidwa, m'mbali monse mumatsala mafuta oyera aja amene akazizira amalimba ngati kandulo. Mafuta a ng'ombe ndi a mbuzi amasungunuka pa kutentha kwa madigiri 40 mpaka 50, pansi pa pamenepo ndi olimba. A nkhuku ndi ophikira a m'botolo ndi ofewa, savuta kwambiri. Ndiye mukathira madzi ozizira a pampopi mu poto wa mbuzi mwawaumitsa dala, kenako siponji imangowapaka uku ndi uku, nayonso nkudzaza mafuta mpaka osagwiranso ntchito.

Ife timatere. Poto akadali wofunda timatsanulira mafuta otsala mu kachitini, osati mu sinki kapena mu ngalande, chifukwa akakazizira mu paipi amatseka ndipo pulambala sabwera ulele. Kenako timawaza madeya odzaza manja awiri mkati mwa poto nkupukuta ndi chipande kapena ndi dzanja lomwe. Madeya amamwa mafuta modabwitsa, amasanduka timibulu tonona, timakapatsa agalu kapena amatenga amene amaweta nkhumba. Ngati mulibe madeya nyuzipepala yakale imagwira, kungoti ija mukatha mumayatsira mbaula. Sitepe imeneyi imatenga mwina mphindi imodzi koma mukaidumpha mudzathira sopo kawiri kapena katatu pa poto mmodzi.

Chiwaya chokha samalani, musathiremo madzi mafuta akadali otentha, amathetheka mpaka kumaso. Dikirani azizire, musefe amene mukufuna kusunga, otsalawo madeya.

Chachiwiri ndi kunyika. Poto wa nsima safuna sopo pa sitepe iyi, nkhoko zimafuna madzi basi, thirani ozizira omwe mumusiye apo mukamatsuka zina zidzamatuka zokha. Poto wa mafuta thirani madzi otentha ofika pamene pathera mafuta, mudonthezemo sopo wamadzi theka la tiyisupuni, mphindi 10 kapena 15 zakwana. Ngati pansi papserera, mubwezereni pa mbaula pa makala otsala aja awire pang'ono, zopserera zimayamba kutukuka zokha mukamakanda ndi mthiko. Ponyika gwiritsani wamadzi osati pesiti, makamaka ngati poto ndi wa aluminiyamu ngati mapoto ambiri amene timagula pamsika. Soda akakhalitsa pa aluminiyamu amamudya pang'onopang'ono, poto amachita mbuu, pena mawanga akuda. Phulusa limachitanso chimodzimodzi mukalisiya usiku onse. Kukwecha nalo nkutsukuluza pompo palibe vuto, vuto ndi kugoneka.

Mabeseni atatu

Pakakhala anthu ambiri simungamatsuke mbale imodzi imodzi pampopi, madzi ake mulipira bilu yoopsa, komanso masiku ena mpopiwo umakhala wauma. Timayala mabeseni atatu pa benchi, lililonse la malita 10 kapena kuposera pang'ono.

Loyamba ndi la sopo ndipo madzi ake akhale otentha ndithu. Muyezo wosavuta ndi uwu, jagi imodzi ya madzi owira pa majagi awiri a pampopi, zimakupatsani madigiri a m'ma 45 mpaka 50, dzanja limapirira koma mumamva kuti awa ndi otentha. Mu June ndi July madzi a pampopi amakhala ozizira kwambiri nde onjezerani owirawo pang'ono. Sopo wamadzi supuni imodzi yaikulu pa malita 10, imeneyo ndi mamililita 15. Ndikudziwa ikuoneka yochepa, achemwali ankafinya botolo mpaka beseni kuchita phiri la thovu, koma thovu si limene limatsuka. Ntchito ya thovu kwa ine ndi kundiuza nthawi yosintha madzi, likagwa lonse, madzi achita mtundu wa tiyi wamkaka ndipo m'mbali mwa beseni mwayamba mzere wa mafuta, sopo uja watha mphamvu. Pamenepo osawonjezera sopo wina pa madzi akuda, tayani muyambe ena. Pa mbale 80 ife timasintha katatu pena kanayi.

Lachiwiri ndi madzi oyera otsukuluzira, akakhala ofunda bola. Lachitatu ndi la jiki, ndipo ili lomwe tinaliyamba nthawi ya kolera ija ya 2022 mpaka 2023 sitinalisiyenso. Onani pa botolo, jiki wamba amalembedwa 3.5%. Wa mphamvu imeneyo thirani masupuni awiri aakulu, mamililita 30, mu malita 10 a madzi ozizira, mbale zikhalemo mphindi imodzi kapena ziwiri kenako pa thandala. Akhale jiki wopanda perefyumu. Madzi otentha amamuthawitsa mphamvu msanga, ndipo mbale ikalowamo ili ndi mafuta kapena thovu jiki amathera pa zinyalalazo osati pa majeremusi, nchifukwa chake beseni lachiwiri lija simungalidumphe. Chinanso, jiki asakumane ndi sopo, viniga kapena mankhwala ena otsukira m'chidebe chimodzi. Pali mtsikana wina tinamulemba ganyu ya Khisimisi anasakaniza jiki ndi mankhwala otsukira ku toileti kuti pansi payere bwino, tonse tinathawa m'khitchini tikutsokomola misozi ili mbwee.

Dongosolo lolowera m'beseni ndi kuyambira zoyera kupita zakuda, makapu ndi matambula, masupuni, mbale, mabakuli, mapoto kumapeto. Mukayamba ndi mbale za nyama tambula iliyonse idzatuluka ndi chifunga, kasitomala akaikweza pa kuwala muchita manyazi. Mbale za pulasitiki ndi makontena aja otengeramo chakudya amakonda mafuta kuposa china chilichonse, amafuna madzi akadali otentha kwenikweni ndi sopo wamadzi, pesiti amawakanda timizere ndipo m'timizeremo ndi momwe mumadzakhala fungo la usipa mpaka kalekale.

Tsopano poto wa mbuzi uja

Tamupukuta ndi madeya, wanyikidwa mphindi 15, madzi onyikira tataya. Apa nde pesiti amalowa. Nyowetsani siponji, ifinyeni isamadonthe, tengani pesiti wochuluka ngati nsonga ya chala chachikulu, mupake mbali yobiriwira yokhakhala ija. Poto akhale wonyowa chabe osati wodzaza madzi, chifukwa mukufuna pesiti akhale phala pa chitsulo pomwepo kuti timchenga tija tigwire. Yambani pansi, mukwere m'mbali mozungulira, mumalize ndi mkombero wa pakamwa ndi pomwe pamangidwa zogwirira, pa timisomali paja ndi pamene pamabisala mafuta akale akuda. Mswachi wakale umafika bwino pamenepo. Poto wa malita 20 amandidyera pesiti kawiri muyezo umenewu, mkati kamodzi kunja kamodzi. Mukaona kuti mukubwerera ku kabakuli kachisanu, vuto si pesiti, mwina simunapale mafuta kapena madzi anu ndi ozizira.

Pali mafuta ena amene si mafutanso, aja abulawuni omata ngati ulimbo kunja kwa felempani ndi m'mphepete mwa chiwaya. Amenewo ndi mafuta ophikira amene apsa mobwerezabwereza mpaka kuuma ngati vanishi, sopo wamadzi sawakhudza nkomwe ngakhale muthire botolo lonse. Pakani pesiti wokhuthala, musiye mphindi zisanu, kenako sitiliwulu. Ngati ndi akalekale musalimbane nawo tsiku limodzi, tsiku lililonse chotsani pang'ono. Koma mkati mwa chiwaya chachitsulo kuda kosalala kuja musakuchotse, nkomwe kumapangitsa kuti tchipisi ndi mazira zisamamatire. Mkati timangotsuka mopepuka ndi wamadzi, nkuchiika pa moto chiume, nkupaka timafuta pang'ono kuti chisachite dzimbiri. Amene muli ndi mapani akuda osamata aja a nonisitiki, pesiti ndi sitiliwulu zisayandikire, mbali yofewa ya siponji ndi sopo wamadzi basi.

Za mwaye wa kunja, agogo athu anali kale ndi yankho, ankamata phulusa lonyowa kapena dothi kunsi kwa poto asanamuteleke. Ife timapaka pesiti wopyapyala kunsi ndi m'mbali poto asanapite pa nkhuni, mwaye umakhala pamwamba pa pesitiyo nde potsuka umangotsetsereka. Ndipo kunja kwa poto kuli ndi chokwechera chakechake, kachidutswa ka saka kapena sitiliwulu wakale, siponji ya mkati isakhudze mwaye, ikada imakadetsa mbale zonse.

Kutsukuluza pesiti kumafuna madzi ambiri kuposa wamadzi, ichi ndiye choipa chake chachikulu. Mukachita ulesi poto akauma mumaona ufa woyera m'mbali, ndipo mawa tiyi kapena mpunga umamveka kafungo ka mandimu a sopo. Tsukuluzani kawiri, kachiwiriko muzipukuta ndi dzanja. Kuti mudziwe ngati mafuta achokadi, thirani madzi oyera m'mbali mwa poto muone. Akayenda ngati nsalu imodzi yosang'ambika, poto wayera. Akamagawikana timadontho timadontho ngati pa tsamba la koko, mafuta alipobe. Kapena kokani chala, poyera chimalira kuti tswii nkumakakamira, pamafuta chimangotsetsereka.

Madzi a kwanu nawonso ali ndi mbali yake. Amene mumatunga pa mjigo wa madzi amchere ngati madera ena a ku Chikwawa ndi ku Nsanje mukudziwa mmene sopo wamtanda amakanira kuchita thovu, amangopanga zinthu zotuwa zoyandama zomwe zimamatanso pa mbale. Kumeneko wamtanda musiyireni zovala, pesiti ndi wamadzi onse amapirira madzi otere bwinoko. Ndipo poti tatchula za wamadzi, aja opangidwa pakhomo amene amagulitsidwa m'mabotolo a madzi akumwa, ena ndi abwino ndithu koma musamapusitsidwe ndi kulemera kwake. Sopo wamadzi amakhuthala ukathiramo mchere wamba, nde kukhuthala sikutanthauza mphamvu. Muyeseni pa ntchito, supuni imodzi m'beseni, muwerenge mbale zingati zatsukidwa thovu lisanagwe, mufananize ndi amene mumagula kale. Za mtengo sindingakuuzeni poti mitengo ikusintha sabata iliyonse, ine ndimangolemba deti pa chivundikiro tsiku lotsegula, akatha ndimadziwa kuti wandikhalira masiku angati.

Ena amakonda kusungunula wamadzi mu botolo lina kuti achuluke. Palibe cholakwa ngati mukusungunula wa tsiku lomwelo, koma osati wa mwezi, chifukwa mankhwala oteteza kuti asaonongeke aja nawonso mwawasungunula, pakapita masiku botolo limayamba kafungo kachilendo.

Siponji

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndinapsa. Tsiku lina kasitomala wanga wa tsiku ndi tsiku, bambo aulemu wawo, anandiitana pambali nkunena motsitsa kuti mayi, chakudya chili bwino koma tambulayi ikununkha chinyezi. Ndinainunkhiza, zoona, fungo lija la chovala chomwe sichinaume bwino. Tambula yotsukidwa ndi sopo, yowala bwinobwino. Nditapita kuseri ndinapeza siponji ili phee mu kabakuli ka pesiti, mmene timaisiyira masiku onse, pansi pa kabakuli pali timadzi totuwa, tinjere ta mpunga ndi kachidutswa ka anyezi. Kuinunkhiza siponjiyo, fungo lomwe lija.

Ambiri timaganiza kuti chinthu chokhala mu sopo sichingakhale chauve. Sopo wotsukira mbale ntchito yake ndi kunyamula litsiro kuti lipite ndi madzi, si mankhwala ophera majeremusi. Siponji ili ndi timabowo tosawerengeka, imakhala yonyowa, yofunda, ndipo muli chakudya, kwa mabakiteriya imeneyo ndi nyumba ya lendi yaulere. Zinthu zikawayendera ena amachulukana kawiri pa mphindi 20 zilizonse, nde ganizani siponji yomwe yagona yonyowa kuyambira 3 koloko masana mpaka mmawa mu October. Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Furtwangen ku Jeremani anayeza masiponji 14 ochokera m'makomo a anthu, anapezamo mitundu 362 ya mabakiteriya, ndipo malo ena kachidutswa kochepa ngati nsonga ya chala kanali ndi mabakiteriya okwana mabiliyoni 54. Amenewo ndi masiponji a pakhomo, osati a ife otsuka mbale 80. Ambiri mwa mabakiteriyawo sadwalitsa munthu wathanzi, amangonunkhitsa, koma tsiku lomwe siponji yakhudza madzi a nkhuku yaiwisi nkhani imasintha, chifukwa salimonela akalowa mu siponji yonyowa amakhalamo masiku, inu nkumamupaka pa mbale iliyonse.

Nde tinasintha zinthu zingapo, ndipo choyamba chinali kabakuli ka pesiti komweko. Panopa kabakuli kakakulu kamakhala kotseka pa shelefu, mmawa timatapa ndi supuni youma pesiti wa tsikulo nkuika pa kasosala. Siponji imakhudza pa kasosala pokha. Madzulo wotsala timakwechera kunja kwa mapoto, kasosala nkutsukidwa. Tinapezanso phindu lina lomwe sitimaliyembekezera, pesiti anayamba kukhalitsa, chifukwa kale theka limasungunuka ndi madzi a siponji nkumatayidwa. Ngati pakhomo mukuona kuti zimenezi ndi zambiri, bola mukatha kutsuka muzikhuthula timadzi ta pamwamba, muchotse nyenyeswa, siponji igone kwina.

Chachiwiri, siponji imodzi isamagwire ntchito zonse. Ife tili ndi zitatu ndipo timazisiyanitsa ndi mtundu kuti ngakhale waganyu watsopano asasokoneze, yachikasu ya matambula ndi mbale, yobiriwira ya mapoto, ndi burashi yapulasitiki ya thabwa lodulira nyama, mipeni ndi beseni lomwe timatsukiramo nkhuku. Pa nyama yaiwisi ndimakonda burashi chifukwa ilibe mimba yosunga madzi, mukaikung'untha nkuipachika imauma msanga, ndipo nyenyeswa zimaoneka. Magazi kapena madzi a nkhuku akatayikira pa tebulo musathamangire siponji, pukutani ndi pepala mutaye, kenako madzi a sopo, kenako a jiki. Zinthu za nyama yaiwisi zimatsukidwa pazokha ndi madzi akeake, sizilowa m'mabeseni atatu aja mbale zili mkati.

Mkati mwa tsiku, nthawi iliyonse tikamasintha madzi a beseni loyamba, siponji nayo imachapidwa. Madzi oyera, kadontho ka sopo, kufinya ndi kumasula mpaka madzi otuluka ayere, kuchotsa tinyama tomwe takodwa ku mbali yokhakhala. Ndipo ikakhala kuti sikugwira ntchito isamayandame m'beseni kapena kugona pansi pa sinki. Tinakhoma timisomali pa thandala, ina timaipana ndi pegi pa chingwe, iume mbali zonse. Kuuma ndi mankhwala aakulu kuposa onse amene mungagule. Nchifukwa chake tili ndi magulu awiri, za lero ndi za mawa, gulu lina likamagwira ntchito linalo lili padzuwa tsiku lonse. Nthawi ya mvula pamene chilichonse chimakana kuuma timazipachika pafupi ndi mbaula, osati pamwamba penipeni, zimasungunuka.

Madzulo tikatseka pali njira ziwiri, sankhani imodzi. Yoyamba ndi kuwiritsa, siponji yochapidwa kale muiponye mu kapoto ka madzi owira mphindi zisanu, makala otsala aja amakwana. Muivuule ndi supuni, izizire, ifinyeni, ipachikeni. Yachiwiri ndi jiki, masupuni awiri aakulu omwe aja koma pano mu lita imodzi yokha ya madzi, nde ndi wamphamvu kakhumi kuposa wa mbale, siponji imire mphindi zisanu mukuifinya kuti alowe mkati, kenako tsukuluzani bwino. Musaigoneke mu jiki usiku onse, imafumbutuka. Sitiliwulu yekha asalowe mu jiki, amachita dzimbiri pompo. Amene muli ndi maikulowevu mutha kuikamo siponji mphindi imodzi kapena ziwiri koma ikhale yonyowa kwambiri ndipo isakhale ndi kachitsulo kalikonse, youma imayaka moto.

Koma musadzinamize kuti kuwiritsa kumaipanga kukhala yatsopano. Kumachepetsa majeremusi, otsala amachulukananso, ndipo mafuta ndi nyenyeswa za mkatikati sizituluka zonse. Akatswiri a ku Jeremani aja analangiza kusintha siponji sabata iliyonse, ndipo pamalo otanganidwa ngati pathu ya mbale siidutsa sabata, ya mapoto pena masiku anayi yatha kale. Zizindikiro zake ndi izi, ikanunkha ngakhale mwaichapa, ikamaterera m'manja ngati therere, ikaphwatalala osabwereranso mukaifinya, kapena mbali yobiriwira ikayamba kusiya tiulusi pa poto. Chimodzi chokha mwa zimenezi chakwana. Kuti isapweteke mthumba timagula zazikulu nkuzidula pakati, theka limagwira bwinobwino ndipo limauma msanga. Yopuma pa mbale timaidula ngodya imodzi ndi sizasi kuti aliyense adziwe kuti iyi yatsika udindo, ikakweche sinki ndi pansi, isabwererenso ku mbale.

Amene mumagwiritsa chinkhupule chakumunda kapena kasaka, malamulo ndi omwewa. Ubwino wa kasaka ndi woti kamachapika ndi kuuma msanga kuposa siponji ya fomu, kungoti sikasunga thovu nde kamadya pesiti wambiri. Chinkhupule chimatsuka bwino matambula koma chikada mkati tayani, si chogula modula. Sitiliwulu woonda uja dulani kachidutswa ka tsiku limodzi basi, mawa amakhala wadzimbiri ndipo amathothoka, ndipo poto aliyense wakwechedwa naye atsukuluzidwe mosamala poyang'ana kuwala, kawaya kamodzi kakapezeka mu ndiwo za kasitomala mbiri yake ifika msika onse dzuwa lisanalowe.

Kansalu kopukutira mbale ndi m'bale wake wa siponji. Mwatsuka bwino, mwaviika mu jiki, kenako mukupukuta mbale 80 ndi kansalu kamodzi konyowa komwe wina wapukutiranso manja, ntchito yonse ija yapita. Mbale ziume zokha pa thandala, zoimika chammbali kuti madzi atsike, mapoto chozondoka. Ngati ntchentche zachuluka phimbani ndi neti yoyera. Pamene tapanikizika ndipo mbale zikufunika pompo, timazithira madzi owira kuchokera mu ketulo, zimauma zokha mu mphindi imodzi chifukwa cha kutentha.

Manja nawo, pesiti amaumitsa khungu kuposa wamadzi chifukwa cha soda uja, wotsuka tsiku lonse zala zimayamba kung'aluka m'mbali mwa zikhadabo ndipo pamabala pamenepo pamasunganso majeremusi. Magolovesi a labala amathandiza komanso amakulolani kugwira madzi otentha kwambiri, koma nawonso muziwatembenuza aume mkati, apo ayi amanunkha kuposa siponji. Achemwali amakana magolovesi, amati sakumva ngati mbale yayera, nde iwo tinagwirizana kuti azitsuka matambula ndi mbale ku beseni la wamadzi, mapoto ndi pesiti ndi ine, ndipo botolo la vaselini limakhala pa windo pafupi ndi thandala.